Supavaiza akuti disikashoni yanga ikupitirira umboni, ndikonze bwanji?

"Ndikumaliza masitazi ya zaumoyo wa anthu. Ndinayeza malungo ana 400 osapitirira zaka zisanu m'midzi khumi, ulendo umodzi wokha, mwezi wa Marichi. Mwa ana 240 ogona m'masikito, 48 anapezeka ndi malungo. Mwa 160 osagona m'masikito, anapezeka 48. OR inali 0.58 (95% CI 0.37 mpaka 0.93), koma nditaphatikizapo mtundu wa nyumba, maphunziro a mayi ndi msinkhu wa mwana, inafika pa 0.72 (0.44 mpaka 1.18). Ndinalemba kuti masikito amachepetsa malungo ndi 42 peresenti, supavaiza akuti ndapitirira. Ndaika 'mwina' paliponse, tsopano akuti sakuona chomwe ndapeza. Ndine mayi wa ana awiri, nthawi yandithera. Thandizeni."

Achemwali, supavaiza wanuyo akunena zoona maulendo onse awiri, ndipo vuto lake ndi limodzi: mawu okayikira mukuwamwaza mofanana pa chiganizo chilichonse, chikhalirecho ziganizo zanu sizofanana mphamvu. Malangizo anga ndi oti musindikize chaputalacho papepala, mutenge cholembera, ndipo pambali pa chiganizo chilichonse chonena kuti chinachake chili chonchi, mulembe komwe umboni wake uli. Ena mulemba kuti tebulo 3, ena mulemba dzina la kafukufuku wa anthu ena, ena mulemba kuti maganizo anga. Chiganizo chomwe mwasowa cholemba pambali pake chichotseni. Mukatero muona nokha kuti "mwina" akufunika malo ochepa zedi.

Tiyambe ndi 42 peresentiyo, chifukwa apa mawu okayikira sangakupulumutseni: nambalayo siikunena zomwe mwalembazo. Mwaipeza pochotsa 0.58 pa 1, koma OR, kapena kuti odds ratio, imayamba yagawa odwala ndi osadwala m'gulu lililonse kenaka n'kuyerekeza magulu awiriwo, siyerekeza kuchuluka kwa odwala mwachindunji. Werengerani nokha: 48 mwa 240 ndi 20 peresenti, 48 mwa 160 ndi 30 peresenti. Mukagawa 20 ndi 30 mupeza 0.67, kutanthauza kuti malungo anali ocheperako ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi 33 peresenti. OR imayandikira nambala imeneyi pokhapokha matendawo akakhala osowa, mwachitsanzo osafika 10 peresenti. Kwa inu pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse anali ndi malungo, ndiye OR ikukokomeza kusiyanako. Ngati mukugwiritsa ntchito Stata, mungapeze nambala yoyerekeza kuchulukako mwachindunji motere, pomwe `rdt` ndi 1 kwa mwana wopezeka ndi malungo ndi 0 kwa wopanda malungo, ndipo `neti` ndi 1 kwa wogona m'masikito ndi 0 kwa wosagonamo:

```
poisson rdt neti i.nyumba i.sukulu msinkhu, irr vce(cluster mudzi)
```

Mbali ya `vce(cluster mudzi)` ndi yofunika chifukwa ana a m'mudzi umodzi amalumidwa ndi udzudzu wochokera m'madambo omwewo, choncho ana 400 a m'midzi khumi sapereka umboni wofanana ndi ana 400 omwazikana. Kawirikawiri CI, yomwe ndi malire osonyeza pomwe nambala yeniyeni ingagwere, imakulirako mukatero. Dziwaninso kuti midzi khumi ndi yochepa pa njira imeneyi, ndiye mukambirane ndi wa masamu a kafukufuku ku dipatimenti kwanu musanaikhulupirire kwambiri.

Chachiwiri ndi mneni amene mwasankha. "Amachepetsa" akunena kuti chinthu china chikuchititsa chinzake. Inu munafika m'mudzi tsiku limodzi, n'kufunsa za masikito ndi kuyeza magazi nthawi yomweyo. Simunagawe masikito mwamaere, ndipo simunatsatire anawo kuti muone chomwe chinayamba. Chomwe deta yanu ikulolani kunena ndi ichi: "Malungo anapezeka mwa ana 20 pa 100 alionse ogona m'masikito ndi 30 pa 100 alionse osagona m'masikito." Chiganizo chimenechi chisakhale ndi "mwina" ngakhale mmodzi. Munawerenga ana enieni, nambalazo ndi zomwezo. Mukalemba kuti "zikuoneka ngati mwina malungo anali ocheperako", woyesa mayeso ayamba kukayikira ngati munawerengadi bwino.

Tsopano pomwe pagona nkhani yonse ndi pa 0.72 ija. Ndikuona kuti m'chiganizo chanu choyamba munagwira 0.58 chifukwa ndi yomwe ikusangalatsa, n'kusiya inayo m'tebulo. Disikashoni iyenera kutsamira pa yomwe mwaphatikizapo zinthu zina ija, popeza ndi imene ikuyankha funso lanu. Komanso musagwere mbali inayo n'kulemba kuti "panalibe mgwirizano pakati pa masikito ndi malungo" chifukwa choti CI yadutsa pa 1. Kumeneko ndi kupitiriranso umboni, kungoti mwalowera kwina. Yang'anani malekezero onse awiri. Pa 0.44 ndiye kuti chitetezo ndi chachikulu ndithu, pa 1.18 ndiye kuti palibe chitetezo, mwinanso malungo ndi ochulukirako pang'ono. Deta yanu ikugwirizana ndi zonsezi, ngakhale kuti mbali yaikulu ili pansi pa 1. Bungwe la akatswiri a masamu a kafukufuku la ku America linachenjeza za zimenezi mu 2016: mfundo ya sayansi isagamulidwe pongoona ngati nambala yotchedwa p yadutsa malire enaake. Ine ndikanalemba chonchi:

"Titaphatikizapo mtundu wa nyumba, maphunziro a mayi ndi msinkhu wa mwana, kusiyanaku kunachepa (OR 0.72, 95% CI 0.44 mpaka 1.18). Zotsatirazi zikupendekera ku chitetezo, koma ana omwe tinayeza sanakwane kuti tisiyanitse chitetezo chachikulu ndi kusakhalapo kwa chitetezo."

Onani kuti chikayiko chilipo, koma chanena chifukwa chake. Uwu ndiye muyeso womwe ine ndimagwiritsa ntchito pa "mwina" aliyense: kodi ndingapitirize ndi mawu oti "chifukwa"? Ngati ndingathe, ndimalemba chifukwacho, ndipo nthawi zambiri "mwina" uja amachoka yekha. Ngati sindingathe, ndiye kuti ndinamuika pofuna kudziteteza chabe. Ndipo chiganizo chimodzi chikhale ndi mawu okayikira amodzi. "Zikhoza kutheka kuti mwina zikuoneka ngati" ndi mawu atatu ogwira ntchito ya amodzi.

Kusuntha kuchoka pa 0.58 kufika pa 0.72 nakonso ndi chinthu chomwe mwapeza, chipatseni ndime yakeyake. Kukusonyeza kuti gawo lina la kusiyana koyamba kuja linali la zinthu zomwe mwaphatikizazo. Banja lokhala m'nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, yotseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, udzudzu umalowa wochepa, ndipo banja lomwelo lingakhalenso ndi masikito abwino ndi malo owapachika. Bwererani ku deta, muphatikize zinthu zitatuzo chimodzichimodzi, muone chomwe chikusuntha nambala kwambiri. Mukapeza kuti ndi nyumba, munene motsimikiza, chifukwa zili m'deta yanu. Kenaka muwonjeze kuti mtundu wa nyumba sungayeze chuma chonse cha banja, choncho mbali ina ya 0.72 ingakhalebe ya chuma osati masikito.

Apa ndi pomwe ndime ya zofooka za kafukufuku imagwira ntchito yake yeniyeni. Ambiri amangoiponya kumapeto ngati ndandanda ya zopepesa. Inu pa chofooka chilichonse munene mbali yomwe chikukankhira nambala yanu. Chuma chosayezedwa chimachititsa masikito kuoneka amphamvu kuposa momwe alili. Koma zina zimakankhira mbali yosiyana. Mayi akafunsidwa ndi munthu wovala baji ya zaumoyo ngati mwana anagona m'masikito usiku wathawu, n'kwapafupi kuyankha kuti eya ngakhale masikito ali m'chikwama. Ana otere amalowa m'gulu la ogona m'masikito ndi malungo awo, ndiye magulu awiriwo amaoneka ofanana kuposa momwe alili. Chinanso, kachipangizo koyezera malungo mwachangu komwe kamafufuza HRP2, puloteni ya tizilombo ta malungo, kamatha kuonetsabe mizere iwiri patapita masabata angapo mwana atamwa LA n'kuchira. Mwana yemwe anadwala mu Febuluwale, mayi ake n'kulangizidwa kuchipatala n'kuyamba kupachika masikito, inu mu Marichi mumupeza ali m'masikito ndipo magazi akuonetsa malungo. Kwa mwana ameneyo malungo ndi omwe anabweretsa masikito. Mukalemba zitatuzi ndi mbali yomwe chilichonse chikukokera, woyesa mayeso aona kuti deta yanu mukuidziwa, ndipo simufunikanso kubwereza chenjezo m'ndime iliyonse.

Pali malo ena omwe ndikuganiza kuti mwakayikira mopitirira, ndipo ndi pa zomwe ena anapeza kale. Funso loti masikito onyika m'mankhwala amateteza ana linayankhidwa ndi kafukufuku wogawa midzi mwamaere m'zaka za m'ma 1990 ku Gambia, Ghana ndi Kenya, ndipo kuunikanso kwa bungwe la Cochrane kwa 2018 kunapeza kuti imfa za ana zimachepa ndi pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi komwe kulibe masikito. Zimenezi zilembeni molimba, ndi maumboni ake. Kafukufuku wanu sangatsimikize kapena kugwetsa umboni umenewo, ndipo safunika kutero. Funso lomwe disikashoni yanu ingakambe ndi loti n'chifukwa chiyani m'midzi yanuyo kusiyanako kwaoneka kochepa komanso kosatsimikizika.

Poyankha funso limenelo mudzafuna kutchula udzudzu wopima, womwe sukufanso ndi mankhwala a m'masikito wamba. Nkhaniyo ndi yoona ku Malawi kuno: udzudzu wa Anopheles funestus wosamva mankhwalawa unapezeka m'maboma ngati Chikwawa, ndipo n'chifukwa chake kunabwera masikito a PBO, okhala ndi mankhwala owonjezera othandiza kupha udzudzu wotere. Koma inu simunagwire udzudzu, ndipo funso lanu silikusonyeza kuti munaona mtundu wa masikito, zaka zake kapena mabowo ake. Choncho chiganizocho chiyambe ndi mawu osonyeza kuti ndi lingaliro: "Chifukwa chimodzi chomwe sitinachiyeze ndi kupima kwa udzudzu, komwe ena anakupeza m'madera ena a dziko lino." Apa ndiye pamalo pake penipeni pa mawu okayikira. Chomwe muyenera kusamala ndi choti lingaliro limeneli lisakule m'njira. Zimachitika kawirikawiri kuti pa tsamba lina walemba "zikhoza kutheka", pofika m'chaputala chomaliza walemba "popeza udzudzu unapima", kenaka n'kulangiza unduna kuti usinthe masikito.

Malire a malo ndi nyengo muwatchule m'chiganizo chenichenicho. Marichi ndi chakumapeto kwa dzinja, nthawi yomwe malungo amakhala ambiri, ndipo midzi khumi si boma lonse. Pomwe mwalemba "ana a ku Malawi" musinthe mulembe "ana a m'midzi imeneyi m'nyengo ya mvula".

Popeza nthawi yakutherani, musayambe ndi tsamba loyamba. Lembani kaye ndime yotsegulira disikashoni, ziganizo zinayi kapena zisanu: 20 ndi 30 peresenti, nambala yachiwiri ija ndi CI yake, ndi tanthauzo lake. Itumizeni kwa supavaiza yokhayo, avomereze mphamvu ya mawuwo musanakonze zotsalazo. Akavomera, ikani pamodzi ndimeyo, chidule cha kumayambiriro kwa buku lanu, chaputala chomaliza ndi malangizo anu, muwerenge motsatizana, muonetsetse kuti mneni ndi yemweyo malo onse anayi. Fufuzani pa kompyuta "42" m'buku lonse, kuphatikizapo m'zithunzi zomwe mwakonzera tsiku lodzateteza kafukufukuyu. Pa malangizo, chomwe deta yanu ikuchirikiza ndi kafukufuku wotsatira ana kwa nyengo yonse ya mvula, wolowa m'nyumba kukaona masikito ndi maso, ndi kulemba mtundu wake ndi mabowo ake. Langizo loti anthu apitirize kugona m'masikito lisiyenimo, koma pambali pake mutchule kafukufuku wa maere uja, osati tebulo lanu.