Mafuta otentha akakugwerani pamkono, thamangirani madzi

“Dzulo m'mawa ndikukazinga mandasi kuno ku Chitakale, mafuta otentha anandithovukira pamkono. Anzanga anandipaka kolugeti, wina anabweretsa dzira laliwisi. Lero patuluka matuza awiri ndipo pakupweteka. Kodi ndinayenera kuchita chiyani nthawi yomweyo, nanga matuzawa ndiwaboole?”

Pepani kwambiri mayi. Matuzawo musawaboole, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza m'munsimu. Ndiyambe ndi mphindi zoyambirira, popeza ndi m'mphindi zimenezo m'mene bala lamoto limakula kapena kuchepa.

Chimene chimafunika nthawi yomweyo ndi madzi ozizira bwino, oyera, othiridwa pabalapo mosalekeza kwa mphindi 20. Madzi ake ndi omwewa timatunga pampopi kapena pamjigo, osati ochokera m'firiji. Anthu ambiri amadabwa ndi kutalika kwa nthawiyo, chifukwa amaganiza kuti mafuta akangochoka pakhungu ndiye kuti kupsa kwatha. Sizili choncho. Taonani mbatata yophika imene mwaiphula pamoto: kunja imazizira msanga, koma mukainyema patapita kanthawi mumapeza m'kati mukutuluka nthunzi. Khungu nalonso limasunga kutentha, ndipo kutenthako kumapitiriza kulowa pansi ndi kuwononga mnofu umene poyamba unali usanapse. Madzi amachotsa kutenthako, amachepetsa ululu ndi kutupa, komanso amathandiza kuti bala limene likanazama likhale lapamwamba. Kuthira kapu imodzi kapena ziwiri n'kusiya sikukwanira. Ngati munasokonezeka n'kuchedwa kuyamba, dziwani kuti kuthira madzi kumathandizabe ngakhale patadutsa nthawi, malinga maola 3 asanakwane chipsereni. Kwa inu mayi nthawi imeneyo yadutsa, choncho lero madzi ntchito yake ndi kutsuka basi.

Mafuta amaposa madzi kuopsa kwake. Madzi amawira akafika madigiri 100 ndipo sapitirira pamenepo, pomwe mafuta okazingira mandasi kapena tchipisi m'chiwaya amakhala pakati pa madigiri 170 ndi 190. Kuonjezera apo, madzi amayenderera n'kugwa, koma mafuta amakakamira pakhungu n'kumapitiriza kuotcha. N'chifukwa chake dontho la mafuta looneka laling'ono limatha kusiya bala lozama kuposa mmene munthu amaganizira tsiku loyamba. Phala lotentha limachitanso chimodzimodzi, makamaka likakhuthukira mwana, ndipo liyenera kukokoloka ndi madzi msangamsanga.

Tsono funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti mphindi 20 zikwana bwanji pakhomo pamene palibe mpopi. Amene muli pafupi ndi mipopi ya madzi ochokera m'phiri muli ndi mwayi, chifukwa mungotsekula pang'ono n'kuika mkono pansi pake. Kwa ena onse, tiyeni tiwerengere ndi chigubu cha malita 20. Mukamathira pang'onopang'ono, lita imodzi pamphindi iliyonse, chigubu chimodzi chikwana mphindi zonse 20. Lita imodzi ndi makapu aakulu awiri, kutanthauza kuti kapu imodzi izitha m'masekondi 30, madzi akutsika ngati kachingwe, osati kukhuthula kamodzi. Wopsayo akhale pansi, mkono uli pamwamba pa beseni, wina azithira, ndipo wina ayang'ane nthawi pafoni, chifukwa munthu akamamva ululu mphindi zisanu zimaoneka ngati theka la ola. Madzi akachepa, mungathe kuviika mkono m'beseni, koma muziwasintha akayamba kufunda, popeza madzi ofunda sachotsanso kutentha. Ngati papsa ndi malo ovuta kuviika, monga pachifuwa kapena pantchafu, nyowetsani nsalu ziwiri zoyera n'kumazisinthanitsa pafupipafupi.

Ndinaona zimenezi ndi maso chaka china kwa mlamu wanga ku Luchenza. Ankaphula ketulo pambaula, chigwiriro chinapulumuka, ndipo madzi owira anamukhuthukira kuseri kwa dzanja mpaka pamkono. Anali atavala juzi ya manja aatali chifukwa kunali chiperoni, ndipo juziyo inamwa madzi otenthawo. Tinathira madzi ozizira pamwamba pa juzi pomwepo, kenaka tinaidula ndi sizasi m'malo moivula kudzera kumutu. Ntchito inakula pa mphete yaukwati. Iye ankakana kuti ivulidwe, koma tinaumirira, ndipo inatuluka mosavuta chifukwa chala chinali chisanatupe. Pofika masana chala chomwecho chinali chitatupa moti mpheteyo ikanafunika kudulidwa. Tinatha chigubu chimodzi ndi theka la china. Apongozi anali ataima pambali ndi botolo la vaselini m'manja, akudandaula kuti tikungoseweretsa madzi otunga movutikira, koma pamene tinkamaliza n'kuti mlamuyo atasiya kubuula.

Pankhani ya zovalayo pali malire. Chitenje, malaya kapena thewera la mwana zimene zanyowa ndi madzi otentha zichotsedwe msanga, chifukwa zimasunga kutentha pakhungu. Koma nsalu ikamatirira pabala, musaikoke. Dulani mozungulira, yomatirirayo isiyeni, ndipo akachotse ndi a kuchipatala. Mphete, zibangili ndi wotchi zivulidwe pasanatupe.

Za kolugeti ndi dzira ndinene mosabisa kuti anzanu anachita mwa chikondi, koma sizithandiza. Mankhwala otsukira mano amapereka kamphepo pakhungu, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira, koma sachotsa kutentha kumene kwalowa m'kati, ndipo akauma amapanga chikhungwa chimene pochichotsa chimapweteka kuposa kupsa kwenikweniko. Dzira laliwisi likhoza kulowetsa tizilombo m'bala. Vaselini, majarini ndi mafuta ophikira, zikapakidwa bala likadali lotentha, zimatsekera kutentha m'kati. Mchere, ufa, phulusa, dothi ndi masamba osinja zimadetsa bala ndipo zimabisa maonekedwe ake, moti wachipatala amayamba ndi ntchito yokolopa asanaone kuzama kwake. Ayezi nayenso ayi, ngakhale kuti ambiri amaganiza kuti ndiye woposa madzi: kuzizira kwake kopitirira kumafinya timitsempha ta magazi, ndipo khungu lovulala kale limawonongeka kawiri.

Pali chinthu china chimene ife a kuno tiyenera kusamala nacho, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene m'mawa kumazizira kwambiri. Timaziziritsa bala, osati munthu yense. Mwana wamng'ono amataya kutentha kwa m'thupi msanga, choncho ngati wapsa mwendo, thirani madzi pamwendopo koma thupi lonse likhale lofundidwa bulangeti kapena chitenje chouma. Musamumize m'bafa kapena mumtsinje. Akayamba kunjenjemera, lekani kuthira madzi, mufunditseni ndi kunyamuka ulendo wa kuchipatala.

Mphindi 20 zikatha, phimbani balalo momasuka ndi chinthu choyera chosamatirira. Kapulasitiki kopyapyala kovundikirira zakudya n'kabwino kwambiri ngati kalipo, ndipo kamangoyalidwa pamwamba, osakulunga mothina chifukwa mkono utupa. Ngati lapsa ndi dzanja, jumbo yatsopano imagwiranso ntchitoyo paulendo wopita kuchipatala. Popanda zimenezi, nsalu yochapa bwino ndi kusita ikwanira. Thonje musaike, chifukwa ulusi wake umakanirira m'bala. Kuphimba kumachepetsanso ululu, popeza bala lamoto limapweteka kwambiri likamawombedwa ndi mphepo. Munthu wamkulu angathe kumwa panado, mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, ndi kubwereza pakapita maola 6 ngati ululu ulipobe, osapitirira kanayi patsiku. Mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, choncho funsani wachipatala m'malo mongoyerekeza.

Tibwere ku matuza anuwo. Thuza ndi chivundikiro chimene thupi ladzipangira lokha, ndipo pansi pake pali khungu lanthete limene likuyamba kumera. Mukaliboola ndi singano, pini kapena munga, mwatsegulira tizilombo khomo. Lero tsukani kolugeti ndi dzira zotsalazo mofatsa ndi madzi owiritsa amene azizira, pamodzi ndi sopo wamba, osakhula, kenaka phimbani ndi nsalu yoyera. Thuza likaphulika lokha, musasende khungu lake ndi zala. Popeza pabalapo panapakidwa dzira, ine ndikanakonda kuti mupite akalione lero lomwe, pakuti kuchokera pa Chitakale kukafika kuchipatala chachikulu cha boma si patali. Kumeneko akaonanso ngati mukufunika katemera wa kafumbata, ndipo thuza lalikulu limene likulepheretsa mkono kupinda iwo ndi amene angalichotse ndi zida zoyera.

Kuti mudziwe ngati bala ndi laling'onodi, yezani ndi chikhatho cha wopsayo, osati chanu. Chikhatho pamodzi ndi zala chimaimira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lonse la munthuyo. Bala loposa pamenepo si losamalira pakhomo. Ngakhale litakhala laling'ono, ngati lili kumaso, padzanja, paphazi, kumalo obisika kapena pamalo opinda monga pachigongono ndi pabondo, likaonedwe kuchipatala, chifukwa chipsera cha pamalo otere chimatha kukoka khungu mpaka chala kapena mkono kulephera kuwongoka. N'chifukwa chake mlamu wanga uja tinamukweza kabaza tsiku lomwelo, ngakhale kuti ululu unali utachepa. Mwana wosakwana zaka 5, munthu wokalamba ndi wodwala matenda a shuga asachedwetsedwe konse. Mabala aakulu amatumizidwa ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth, kumene kuli mbali yosamalira anthu opsa.

Maonekedwe a bala amanenanso zambiri, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengeka. Malo ofiira, opweteka kwambiri, kaya ali ndi matuza, nthawi zambiri amakhala kuti apsa pamwamba, ndipo akasamalidwa amapola m'masabata awiri. Koma malo amene ayera ngati kandulo, kapena ada ndi kuuma ngati chikopa, ndipo sakupweteka mukawakhudza, ndi amene apsa mozama mpaka mitsempha yomvera ululu yafa. Munthu amakondwa kuti sakumva kuwawa, chonsecho limenelo ndiye bala loopsa, ndipo mafuta a m'chiwaya amakonda kusiya lotere pakatikati pamene anagwera poyamba.

M'masiku akubwerawa muziliyang'ana tsiku ndi tsiku posintha nsalu. Ululu ukamakula m'malo mochepa, kufiira kukamafalikira kupitirira m'mphepete mwa bala, pakatuluka mafinya kapena fungo, kapena thupi likatentha, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo mubwerere kuchipatala osadikira. Chitaninso chimodzimodzi ngati masabata awiri atha bala lisanatseke. Pakali pano, ngati n'kotheka, ntchito ya pachiwaya agwireko wina kwa masiku angapo, chifukwa khungu limene likumera kumene silipirira kutentha kwa mbaula.