Mafuta akakwera, woyamba kusuntha ndi SRAS

"Anzanga ndithandizeni, mayeso ndi Lachisanu. Mtengo wa mafuta ukakwera mwadzidzidzi, pa dayagiramu ya AD-AS ndisunthe mzere uti? Nanga pakapita nthawi zimathera pati?"

Achimwene, mzere wa AD, wosonyeza katundu yense amene anthu akufuna kugula m'dziko, musaukhudze kaye. Ine ndinataya malikisi 20 onse ndili chaka chachiwiri chifukwa cha mzere umenewo, mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Ndinaganiza ngati wokwera minibasi: petulo akakwera anthu ndalama zimawathera m'thumba, sagula zambiri, ndiye AD ipite kumanzere. Ndinajambula ndi rula, mivi yake ndi bolopeni yofiira, ndikudzimva kuti ndakhoza. Tsiku lobweza mapepala alekichala anakweza langa m'mwamba kalasi yonse ikuona, n'kufunsa kuti, "Mwini pepala ili, dizilo atakwera, shuga anatsika mtengo kugolosale kwanu?" Anthu kuseka mpaka kumenya madesiki. Nditayang'anitsitsa ndinaona ndekha: AD ikapita kumanzere, P, yomwe ndi mitengo ya zinthu, imatsika limodzi ndi Y, yomwe ndi kuchuluka kwa katundu wopangidwa. Ndinali nditajambula kuti mafuta akadula katundu amatchipa! Chondipweteka n'chakuti bambo amenewo mutu umenewu anauphunzitsa mphindi khumi zokha, akuyankha foni, dayagiramu osajambula n'komwe pabolodi. Koma kunyoza ana a eni ake, nthawi anali nayo yambiri.

Mafuta ndi mtengo wopangira zinthu. Chigayo, thiraki yochokera ku Beira, jenereta ya pafakitale, zonse zimamwa dizilo. Ndiye pa mtengo uliwonse wogulitsira, makampani amapanga zochepa kuposa kale. SRAS, mzere wosonyeza katundu amene makampani amapanga pa nthawi yochepa, ndiyo imasunthira kumanzere.

Yambani ndi mizere itatu yokumana pamalo amodzi: AD yotsetsereka, SRAS yokwera, LRAS, ya zomwe dziko lingapange pa nthawi yaitali, yoima chilili. Pamenepo lembani A, tingoyerekeza P = 100 ndi Y = 1000. Jambulani SRAS yachiwiri kumanzere kwa yoyamba. Pomwe yadula AD yomwe ija ndi B, mwina P = 110, Y = 950. Mitengo yakwera, katundu wopangidwa wachepa, ntchito zikutha, zonse nthawi imodzi. N'zimene zinachitika 1973 mayiko a Aluya ogulitsa mafuta ataleka kutumiza mafuta ku Amereka ndi mayiko ena: mgolo unachoka pafupifupi madola 3 kufika pafupifupi 12 m'miyezi yochepa. Mukaona kuti pa B yanu P ndi Y zalowera mbali imodzi, dziwani mwasuntha mzere wolakwika.

Gawo la nthawi yaitali ndi lomwe limagwetsa ambiri, chifukwa yankho limatengera zomwe boma ndi banki yaikulu achita. Akangokhala osachita kanthu, pa B anthu osowa ntchito ndi ambiri, malipiro sakwera, ena amavomera ochepa, mtengo wopangira zinthu umatsika pang'onopang'ono. SRAS imabwerera mwakale, tabwerera pa A, P = 100, Y = 1000. Papepala n'zophweka, koma zimatenga zaka, ndipo ndani amavomera kudulidwa malipiro ufa utadula?

Akapanda kupirira, n'kutsitsa chiwongoladzanja kapena kuwonjezera ndalama zomwe boma likugwiritsa ntchito, apa ndiye AD imasunthira kumanja mpaka ikumane ndi SRAS yachiwiri pa mzere wa LRAS. Lembani C: Y yabwerera pa 1000, koma P yafika mwina 120 ndipo sitsikanso. Ntchito zabwerera, mtengo wake ndi kudula kwa katundu. Anthu akazolowera kuti mitengo izikwerabe, amafuna malipiro okwera, SRAS imasunthanso kumanzere, gule n'kuyambiranso. Amereka inavutika choncho mpaka mafuta atakweranso 1979, ndipo Paul Volcker, yemwe anali mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, anachita kukweza chiwongoladzanja kufika pafupifupi 20 peresenti. Mitengo inaleka kuthamanga, koma ulova unapitirira 10 peresenti mu 1982. Pa dayagiramu imeneyo ndi AD yopita kumanzere, Y n'kutsika kuposa pa B.

LRAS musaisunthe pokhapokha funso litanena kuti mafuta akhala odula mpaka kalekale. Zikatero makina ena amasiyidwa chifukwa kuwayendetsa n'kuluza, dziko silingapangenso 1000 ija, LRAS imapita kumanzere ndipo pa A sitibwereranso.

Komatu kunena zoona, ine sindinalakwe kwenikweni. Kuno kwathu mafuta onse timagula kunja, akadula madola ambiri amatuluka, anthu amatsala ndi zochepa zogulira zina, ndiye AD nayo imabwerera m'mbuyo pang'ono. Alekichala aja akanatha kundipatsa ngakhale malikisi asanu. Koma inu Lachisanu musakaijambule. Sunthani SRAS yokha, ikani mivi, lembani A, B ndi C, za AD yobwerera m'mbuyozo mukazitchule m'chiganizo chimodzi pansi pa dayagiramu ngati nthawi yatsala.