Akulu a zaulimi ku esiteti ya tiyi: ndiwalembere bwanji?

"Ndamaliza dipuloma ya zaulimi. Ndikufuna malangizo kwa mkulu wina wa pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, koma sandidziwa. Imelo ndiilembe bwanji kuti andiyankhe?"

Achimwene, afunseni funso limodzi lokha, loti angaliyankhe ndi chiganizo chimodzi pafoni ali m'munda. Mukangoti "ndilangizeni za tsogolo langa", mwawapatsa ntchito yoganiza m'malo mwanu. Imeloyo aziti ndiyankha mawa, mpaka kuiwala.

Pamutu lembani funsolo. M'katimo mungati: "Bwana, ndamaliza dipuloma ya zaulimi ndipo ndikufuna kugwira ntchito ya tiyi. Ndayima pakati pa njira ziwiri: kuyamba ngati kapitawo wa m'munda, kapena kupita kaye ku Bunda kukachita digiri. Kwa munthu wofuna kudzayang'anira esiteti, inu mungasankhe iti? Ngakhale mzere umodzi undithandiza."

Njira ziwirizo zikusonyeza kuti mwaganizapo kale, iwo angosankha. Ntchito musapemphe m'imelo yoyamba, chifukwa pempholo angolitumiza ku ofesi yolemba anthu ntchito.

Kumbukiraninso kuti miyezi yamvula, Disembala mpaka Epulo, tiyi amathyoledwa kwambiri ndipo fakitale siipuma. Akakhala chete, dikirani masabata awiri, muwakumbutse kamodzi pa imelo yomweyo.