Ndinabusta positi ya zitenje, kodi ndapindula kapena ndaluza?

"Achimwene, ndimagulitsa zitenje kuno ku Mzuzu, ndimaoda ku Taifa pa K15,000 ndikugulitsa K20,000. Ndinabusta positi pa Fesibuku sabata imodzi, banki inandidula K36,000, anthu 9 anagula chimodzichimodzi. Sikirinishoti ndi imeneyi, manambalawo sindikuwamva, ndipitirize?"

Achemwali, sikirinishoti yanu ndaiona ndipo mwachita bwino kunditumizira ndalama yomwe banki inadula, chifukwa pa Amount spent palembedwa $20 koma yomwe inatuluka m'thumba mwanu ndi ya makwachayo, ndiye tiwerengera imeneyo. Ndayang'ananso madeti ali pamwambapo, ndi masiku 7 omwe mukunenawo. Ambiri amajambula sikirini ili pa mwezi wonse kwinaku akuwerenga malonda a sabata imodzi, masamu onse amasokonekera pomwepo.

Tiyambe ndi mtengo wa kudina kumodzi, womwe amautcha CPC. Pali manambala awiri ofananirako, Clicks (all) 900 ndi Link clicks 240. Ya 900 ija isakusangalatseni, muli aliyense amene anangodina chithunzi kuti aone maluwa a chitenjecho, amene anaika laiki, amene anatsegula dzina la peji yanu n'kubwerera. Amene anadina batani lopita ku Watsapu kwanu ali mu 240 umo.

```
CPC = 36,000 / 240 = 150
```

Ndiye kudina kulikonse kwaphindu munakulipira K150. Mukanagawa ndi 900 mukanapeza K40 n'kumaganiza kuti zatchipa.

Tsopano mwa 240 aja, Messaging conversations started ikuonetsa 60, kutanthauza kuti mmodzi mwa anayi aliwonse ndi amene analembadi meseji, enawo anatsegula n'kutseka. Apa ndi pomwe sikirinishoti imathera. Fesibuku sidziwa kuti ndani anakutumizirani ndalama pa foni kapena anabwera kudzatenga chitenje pa depoti, zimenezo zili m'kope mwanu basi. Ogula 9 tikagawa ndi 240 tikupeza 3.75 peresenti, tikagawa ndi omwe analemba meseji 60 aja ndi 15 peresenti. Ine nambala yomwe ndimaikonda ndi yosavuta kuposa zonsezi, K36,000 kugawa kwa anthu 9, kasitomala mmodzi munamugula K4,000. Isungeni imeneyo.

Munagulitsa katundu wa K180,000, ndiye zomwe amati ROAS, kutanthauza ndalama zomwe mwagulitsa kugawa ndi zomwe munalipira pobusta, zikubwera chonchi:

```
ROAS = 180,000 / 36,000 = 5
```

Kwacha iliyonse yabweretsa K5, munthu akhoza kuvina nazo. Koma K180,000 ija si yanu yonse, K135,000 ndi mpamba wobwerera ku Taifa kukaoda zina. Pa chitenje chimodzi mumatsala ndi K5,000, ndipo nditakufunsani munandiyankha kuti wa kabaza wokasiya ku Luwinga, Chibavi kaya Zolozolo mumamulipira nokha, pamodzi ndi jumbo ndi yodula pochotsa ndalama pa foni zimakwana K1,500. Zatsala K3,500. Kasitomala wobweretsa K3,500 munamugula K4,000, ndiye pa aliyense munaluza K500, onse 9 ndi K4,500, osawerengera bando ndi tulo tomwe munataya poyankha anthu 51 ofunsa "zingati?" n'kusowa. Zimandipweteka kunena izi chifukwa ndikudziwa mmene ndalama ya geni imavutira kupeza, koma masamu ake ndi amenewo. Pa mitengo yanuyi ROAS iyenera kudutsa 5.7 kuti mungobweza yanu, ndapeza pogawa 20,000 ndi 3,500.

Chinanso, kodi onse 9 anachokeradi ku malonda abustidwawo? Ngati awiri ndi anzanu a ku tchalitchi omwe akanagulabe, ndiye ogula enieni ndi 7 ndipo aliyense wakudyerani K5,143. Muziwafunsa kuti mwandionera kuti, n'kulemba pambali pa dzina.

Sindikuti musiye ayi, simuli kutali. Pomwe pakudontha ndi pakati pa 60 ndi 9. Tsegulani Breakdown musankhe Region muone komwe anthuwo ali, ngati ambiri ndi a chigawo chapakati ndi kummwera ndiye mukulipirira anthu omwe akamva za ndalama yotumizira pa basi amathawa, chepetsani kuti iziona a Mzuzu ndi madera oyandikira monga Ekwendeni. Mtengo mulembe pa chithunzi penipeni, wopanda ndalama asadine n'komwe. Ndipo yesani kugulitsa ziwiri pa K39,000, wa kabaza amapita kamodzi, mumatsala ndi K7,500 pa kasitomala yemwe uja wa K4,000. Ndi mameseji 60 omwewo, ogula chimodzichimodzi akangofika 11 mwabweza K36,000 yanu ndi K2,500 pamwamba.

Bustaninso sabata imodzi ndi $20 yomweyo kuti tithe kufananiza, mudzanditumizire sikirinishoti yatsopano pamodzi ndi tsamba la m'kope lija.