Za imelo ya invoyisi ija, msuweni mvera

*Funso pa gulu la banja:* "Asisi, inu mumagwira za ndalama kuntchito. Imelo yotumizira invoyisi imalembedwa bwanji? Ndikufuna ioneke yaulemu."

*Uthenga wa mawu:*

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, ndaona funso lako, koma kulemba sinditha, ndili pamoto. Ndingoyankhula, amene zawatopetsa adumphe.

Iweyo mawu akuti "yaulemu" ndawamva. Ndimakudziwa. Ulemu unabadwa nawo, mpaka unkagwadira ndi alendo ofunsa njira. Sunafunse za ulemu iwe. Anthu a wekishopu aja sanakulipire, eti? Anamaliza kudya nkhuku zako mwezi watha, ndipo ukuchita manyazi kuwauza kuti ndalama. Mayi ako anandiuza, usawakalipire, zinangotuluka tili pa chinkhoswe chija.

Ndiye ndisanakuyankhe... dikira ndiphule kaye. Eya. Ukuwakumbukira amalume a ku Ntcheu ndi madesiki awo? Iwe unali wamng'ono, chinali chaka chotsatira nkhani ya mbuzi ija. Ayi, ndanama, chaka chomwecho, chifukwa matabwa anagula ndi ndalama ya mbuziyo. Anakhoma madesiki 60 a sukulu ina, olipira linali bungwe lina la ku boma kuja. Ntchito yokongola, amalume pa matabwa panalibe wowaposa. Madesiki atanyamulidwa, iwo anakhala pakhonde ndi kulemba kalata. Masamba awiri! Ine ndi amene ndinakaitayipa ku tauni kuti ipite pa imelo, ndiye ndimaikumbukira. Inayamba ndi moni, kenaka mvula ya chaka chimenecho, kenaka kuthokoza abwana chifukwa chokumbukira amisiri akumudzi. Panali ndi vesi pakati. Kumapeto kwenikweni ndi pamene analemba kuti, "tikupempha mutikumbukire pa kanthu kathu kaja mwezi ukatha."

Kanthu kathu kaja! Ine ndinati, amalume, tilembepo kuti ndi zingati. Iwo akuti ayi mwana iwe, munthu wamkulu sumamutchulira ndalama kumaso, iwo akudziwa. Chabwino. Mwezi unatha. Wina unatha. Amalume kukwera minibasi, kukafika, kuuzidwa kuti abwana ali ku msonkhano ku Lilongwe. Kubwerera. Ulendo wachiwiri anatenga ndi nkhuku, azakhali mpaka lero sanaikhululuke nkhuku imeneyo. Ulendo wachitatu abwana aja anali atasamutsidwa, ndipo mlonda, atawamvera chisoni, anawalowetsa kwa kalaliki wa zachuma, kamnyamata kakang'ono. Kanatulutsa fayilo. Kalata ya amalume inalimo bwinobwino, yosindikizidwa, pamwamba pake wina atangojambula chizindikiro cha funso ndi bolopeni yofiira.

Kamnyamatako kakuti, bambo, palibe amene anakana kukulipirani. Koma ine ndilembe zingati? Pa oda pali mtengo wa madesiki 60, m'buku mukuoneka kuti munatengako ya matabwa, yotsala simunalembe. Mwezi ukatha, mwezi uti? Ndiye akaunti... apa ndiye pamene ndimafera kuseka. Amalume anapereka nambala ya akaunti ya azakhali, chifukwa yawo inali itagona kalekale, osanena kuti dzina ndi la munthu wina. Kalaliki ataona kuti dzina la pa kalata ndi la ku banki sizikugwirizana, anangoika fayilo pansi pa inzake. Miyezi inayi, msuweni. Amalume anabwera madzulo ali chete, kenaka akuti, "ana a masiku ano alibe ulemu, akufuna chilichonse chilembedwe." Hahaha. Mulungu awasunge.

Ndimati chiyani? Eya, iwe.

Imelo yako usalembere mayi uja anakupatsa ntchito, amene mumaseka naye. Iye adzangoikankhira kwa a zachuma, ndipo a zachumawo ndi munthu ngati ine, sakukudziwa, sanadye nawo mpunga wako, ali ndi mainvoyisi makumi angapo patebulo. Ine ndikatsegula imelo ndimafuna zinthu zitatu ndisanatsegule n'komwe chikalata chimene wamatapo: zingati, pofika liti, nditumize kuti. Zikasowa sindikwiya, ndimangoti ndidzafunsa mawa, ndipo mawa lakelo ukulidziwa.

Tenga cholembera, tigwiritse manambala ako omwewo. Mayi ako anati anthu 40, masiku atatu, K9,500 mbale. Ndiye kuti mbale 120, zonse K1,140,000. Anakupatsa dipoziti K400,000, yotsala K740,000. Ngati ndaphonya ukonza wekha.

Pamutu pa imelo, pamene pamalembedwa Subject paja, usalembe "moni" kapena "chikumbutso". Lemba kuti: Invoyisi nambala 017, K740,000, yolipira pofika 15 Meyi. Uikeponso dzina la bizinesi yako. Cholinga n'chakuti munthu akamafufuza m'maimelo ake patatha masabata atatu, angolemba 017 n'kuipeza. Ndipo nambala imeneyo isabwerezedwe pa invoyisi ina, usamangolemba 001 kwa aliyense ngati muja unkachitira ndi makeke.

Mkati, moni mzere umodzi. Umodzi, msuweni, ndakuona. Kenaka chiganizo chonena kuti ndi ya chiyani: "Ndatumiza invoyisi nambala 017 ya chakudya cha anthu 40 pa wekishopu ya masiku atatu," utchule masiku ake, ndi nambala ya LPO, pepala la oda limene bungwe limapereka, ngati anakupatsa. LPO imeneyo ndi imene ife timayang'ana poyamba kuti tione ngati ntchitoyo inavomerezedwa, popanda iyo pepala lako limazungulira maofesi kufunafuna mwini wake.

Kenaka ndalama, pa mzere wakewake. Apa anthu amalakwitsa polemba nambala ziwiri zikuluzikulu osanena yoti ilipidwe ndi iti. Iwe lemba: zonse K1,140,000, dipoziti yolandiridwa K400,000, yoti mulipire K740,000. Yomalizayo ndi imene ifanane ndi ya pamutu komanso ya pa invoyisi, mpaka tambala. Zikasiyana ngakhale ndi K500, ine sindingalipire, ndikubwezera kuti ukonze, ndipo masiku ayambiranso kuwerengedwa. Za VAT usaikepo ngati sunalembetse VAT ku MRA, usangoonera anzako. TPIN yokha, nambala yako ya msonkho ija, uike, adzaifuna. Ndiponso usadzadzidzimuke ndalama ikadzalowa yoperewera pang'ono, mabungwe amadula msonkho wina asanakulipire n'kuupereka ku MRA. Umangowapempha satifiketi ya msonkho wodulidwawo, usunge, si ndalama yotayika.

Tsiku... apa ndi pamene amalume anagwera. "Mwamsanga", "kumapeto kwa mwezi", "mukapeza mpata", amenewo si masiku. Ngakhale "masiku 30" paokha sakwana, chifukwa wina awerenga kuyambira tsiku la pa invoyisi, wina tsiku limene anailandira, wina mwezi ukatha. Lemba tsiku lenileni. Ukatumiza pa 15 Epulo, masiku 30 akukufikitsa pa 15 Meyi. Ukatumiza pa 14... ayi dikira, pa 14 Meyi ndi tsiku la Kamuzu, maofesi otseka, ndiye uziyang'ana pa kalendala kuti lisagwere pa tchuthi kapena Loweruka. Mwezi ulembe m'mawu, uike ndi chaka. Ukalemba 05/06, wina aona 5 Juni, mlendo wa ku Amereka aona 6 Meyi. Koma masiku 30 amenewo akhale amene munagwirizana, osati odzipangira lero. Ngati simunagwirizane kanthu, muimbire mayi uja kaye, umufunse kuti amalipira pakatha masiku angati.

Kolipirira, chilichonse pa mzere wake: dzina la banki, nthambi, dzina la akaunti monga lilili ku banki, nambala ya akaunti. Nambalayo uikope bwino, ndi maziro akumayambiriro omwe, uwerenge kawiri mokweza ngati mwana wa sitandade 1. Dzina la akaunti lifanane ndi la pa invoyisi. Ngati invoyisi ili m'dzina la bizinesi koma akaunti ndi ya dzina lako, nena zimenezo poyera, mwina akufunsa kalata. Usadzayerekeze kuika ya alamu. Ukafuna kuonjezera Airtel Money kapena Mpamba, lemba nambala ndi dzina limene limatuluka pa foni munthu akamatumiza, koma pa K740,000 ya bungwe ine ndingoti banki basi, njira imodzi, kuti asasokonezeke. Ndiye uwauze kuti potumiza alembe 017 ngati chizindikiro, kuti ikalowa udziwe kuti ndi ya chiyani, ndipo akutumizire umboni woti alipira.

China, ukadzasintha akaunti usangosintha mwakachetechete pa imelo. Akuba amachita zomwezo, kulemba ngati ndi iwe n'kuika akaunti yawo, ndiye wa zachuma wanzeru akaona nambala yachilendo amaimitsa zonse. Uziimba foni.

Kumapeto, "mukaona cholakwika pa invoyisiyi ndidziwitseni sabata ino," dzina lako, nambala ya foni. Basi. Palibe pepani. Wapepesa chiyani, unaphika! Invoyisiyo uimate ngati PDF, osati chithunzi chojambula pa mphasa chala chako chikuonekera, ndipo uone kuti yamatikadi usanadine Send. Ngati ofesiyo ndi ya Chingerezi ulembe m'Chingerezi, ndondomeko ndi yomweyo.

Ndiye ukumva? Munthu wosakudziwa athe kulipira osakuimbira: zingati, liti, kuti. Uiwerengere mng'ono wako uja usanatumize, umufunse mafunso atatuwo, akayankha osayang'ananso ndiye kuti yapsa. Akati "aaa, dikirani," wabwereza za amalume.

Pa 16 Meyi ikapanda kulowa, uyankhe pa imelo yomweyo, osayamba ina, ungoti invoyisi 017 ya K740,000 inayenera kulipidwa dzulo, kodi ili pati? Ndi zomwezo zitatu, wangozibwereza.

Iii, ndiwo zanga zapserera. Nditumizire ndione usanatumize, kumbali, osati pagulu pano, azakhali angaone manambala n'kuyamba kukumbuka nkhuku yawo. Ndipo beseni langa lija ndikulifuna Lamlungu.