Mavoisi opitirira 30 pagulu: zomwe mwagwirizana muzipeza bwanji?

"Ndine mlembi wa gulu lathu la anthu 12 pa WhatsApp. Usiku wathawu anthu atumiza mavoisi opitirira 30 okambirana za msonkhano, ndiye a wapampando akuti ndilembe mwachidule zomwe tagwirizana. Ndamvetsera kawiri konse koma mutu wangoima. Ndiyambire pati?"

A mlembi, mutu waima chifukwa mukulondola anthu mmodzimmodzi m'malo molondola nkhani. Mavoisi amandandalikana mmene afikira, pamene nkhani zake n'zolukanalukana: uyu akunena za tsiku, wotsatira za malo, wachitatu wabwereranso ku tsiku lija. Ndiye tengani pepala ndi cholembera, pamtima pokha sizitheka.

Ulendo woyamba mvetserani onse mothamangitsa, pa 1.5x, ndipo muzingolemba mitu ya nkhani basi. Mudzaona kuti mavoisi ochuluka chonchi akuzungulira pa nkhani zochepa: tsiku, malo, ndi woti achite chakuti. Mutu uliwonse muupatse danga lakelake papepalapo.

Ulendo wachiwiri bwererani pa 1x, chifukwa manambala ndi masiku zimamveka molakwika mawu akamathamanga. Voisi iliyonse ilembeni pansi pa mutu wake: nthawi yomwe ikuoneka pakona pake, amene walankhula, komanso ngati wapereka ganizo, wavomera kapena wakana. Musaidule voisi pakati poganiza kuti ndi moni chabe. Ambiri amayamba ndi kupepesa kuti anatanganidwa, mfundo yeniyeni n'kuiponya kumapeto kwenikweni.

Tiyerekeze kuti pansi pa mutu wa tsiku mwalemba izi. Pa 19:05 a wapampando ati Loweruka, 10 koloko m'mawa. Pa 19:12 ndi 19:15 anthu awiri avomera. Pa 19:40 a msungichuma ati Loweruka lili bwino koma m'mawa sapezeka, bwanji 2 koloko masana. Pa 19:43 wina wangoti "chabwino, palibe vuto". Pa 20:30 a wapampando atseka ndi mawu akuti "basi, tichite monga tanenera".

Wopupuluma alemba kuti Loweruka 2 koloko, poti ndi nthawi yomwe yatchulidwa komaliza ndipo "chabwino" wabwera pambuyo pake. Apa ndi pamene alembi ambiri amagwera m'mbuna. Yang'anani pamwamba pa voisi ya 19:43 ija. Ngati munthuyo anayankha uthenga winawake, pamakhala kabokosi kosonyeza uthengawo, ndipo mukakadina kamakufikitsani pomwepo. Mwina mupeza kuti "chabwino" ameneyu amayankha pempho la 19:20 loti abweretse buku la mayina, osati za 2 koloko. Kabokosiko kakasowa, musalote: mufunseni mwiniwakeyo kumbali. Nawonso mawu a wapampando sakuthandizani, chifukwa "monga tanenera" akhoza kukhala 10 koloko yawo ija kapena 2 koloko ya a msungichuma. Choncho chomwe gulu lagwirizana ndi tsiku lokha. Ola likadali m'malere, ndipo ndikupemphani ndithu kuti musalisankhe nokha. Anthu amakhulupirira zomwe mlembi walemba kuposa mavoisi omwe sadzawamveranso.

Ena aja sanalankhule kanthu, musawawerengere kuti avomera. N'kutheka kuti mavoisiwo sanawatsegule n'komwe.

Chidule chanu chikhale chokwana pafoni popanda kutsitsa, motere:

*Tagwirizana*
Msonkhano: Loweruka pa 14.
Buku la mayina: abweretsa ndi achiwiri kwa wapampando.

*Zotsala*
Nthawi: 10 koloko m'mawa kapena 2 koloko masana? A wapampando agamule pofika Lachinayi madzulo.

Ngati ndaphonya pena, ndiyankheni polemba mawa isanakwane 12 koloko masana.

Onani kuti tsiku lalembedwa ndi deti yake. "Loweruka likubwerali" limasintha tanthauzo malinga ndi tsiku lomwe munthu wawerenga. Ntchito iliyonse ili ndi mwini wake, chifukwa "wina abweretse" mapeto ake sabweretsa aliyense. Zoti uje anapsa mtima kapena anatsutsana ndi uje zisiyeni m'mavoisi momwemo. Ndipo pemphani mayankho olemba, apo ayi mudzadzuka n'kupeza mavoisi ena khumi.

Mukatumiza, werenganinso nthawi yomweyo, poti WhatsApp imalola kukonza uthenga ndi Edit m'mphindi 15 zokha. Kenako ukhomeni pamwamba ndi Pin. Mudzafunsidwa kusankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndiye sankhani omwe afike tsiku la msonkhanolo. A wapampando akagamula za ola, lembani chidule chatsopano chathunthu, muyambe ndi mawu akuti "Chokonzedwa", muchotse chakale chija pamwamba n'kukhomapo chatsopanocho, kuti pasakhale mauthenga awiri onena maola osiyana.