Chisomo chikhale, koma "kuyesedwa olungama" kumasulidwe

*"Ndikumasulira kabuku ka mapemphero ndi ziphunzitso kuchokera ku Chingerezi. Akuluampingo akufuna mawu a m'Buku Lopatulika, achinyamata akuti sakumva. Nditsate ati?"*

Choyamba gawani kabukuko pawiri: mawu amene mpingo umanena pamodzi pamtima, ndi mawu ofotokozera chiphunzitso.

Onena pamtima musawakhudze. M'busa akayamba kuti "Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, ndi chikondi cha Mulungu", pakamwa pa anthu pafika kale "chiyanjano cha Mzimu Woyera". Mukasintha liwu limodzi, theka la mpingo litsata pepala, theka lina litsata mutu, ndipo dalitso lisanduka phokoso.

Pofotokoza chiphunzitso ndiye pofunika kusamala. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yomwe William Murray wa ku Nkhoma anatsogolera, ndipo Chichewa chayenda ulendo wautali kuchokera nthawi imeneyo. Liwu lachikale limene munthu salidziwa silivuta kwambiri, chifukwa amafunsa. Loopsa ndi limene akulidziwa, koma m'tanthauzo lina. Tengani Aroma 5:1, pamene pali mawu akuti "tinayesedwa olungama". Omasulira ankatanthauza kuti Mulungu amatiwerengera ngati olungama. Koma mwana wa Fomu 2 akamva "kuyesedwa" aganiza za mayeso, kapena za Satana akuyesa Yesu m'chipululu. Uthenga wa mphatso wasanduka wa mayeso ofunika kukhoza! Apa lembani vesilo monga lilili, chiganizo chotsatira chinene kuti "ndiye kuti Mulungu watilandira ngati anthu osalakwa pamaso pake".

Dziwaninso kuti liwu limaulula mpingo. Salimo 23 m'Buku Lopatulika limayamba ndi "Yehova ndiye m'busa wanga", pomwe Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, limati "Chauta". Chimene wa CCAP amati chisomo, Mkatolika anazolowera kuchitcha chaulere. Ngati kabukuko n'ka mpingo umodzi, tsatani Baibulo la pa guwa lawo. Ngati n'ka pamaliro kapena msonkhano wa mipingo yosiyanasiyana, sankhani Baibulo limodzi, mulitchule patsamba loyamba, ndipo musasakanize Yehova ndi Chauta.

Mawu achilendowo muwayese musanasindikize. Pezani anthu asanu: agogo a chigwirizano cha amayi, mkulu wa mpingo, achinyamata awiri, ndi wina wosapemphera kwanuko. Awerengereni mokweza, poti ambiri adzamva ndi khutu. Musafunse kuti "mwamva?", aliyense angovomera mwaulemu. Funsani kuti "pamenepa akuti Mulungu wachita chiyani?" Wobwereza mawu omwewo osatha kuwanena mwa iye yekha, waloweza chabe. Awiri akasochera pa liwu limodzi, pamenepo pafunika chiganizo chofotokozera.